Tebulo la mayeso limene maso akuona koma khutu silikumva

Ndondomeko ya mayeso otsekera teremu imalembedwa mu Word ku ofesi ya sukulu, ndipo ikafika kwa ine ntchito yanga imakhala yoisandutsa kuti ikhale pa tsamba la sukulu la pa intaneti. Kusandutsako sikutenga nthawi. Pulogalamu imameza fayilo n'kulavula khodi ya HTML, ndipo ukatsegula tsambalo umaona tebulo looneka bwino lomwe, mizere yake yowongoka, mitu yake yakuda bii monga inalili pa pepala. Vuto ndi lakuti pa sukulu pathu pali ophunzira osaona, palinso mphunzitsi wosaona, ndipo iwowa tebulo saliona. Amalimva. Chimene chimafika ku khutu lawo chimakhala chosiyana kwambiri ndi chimene chimafika ku diso langa, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene ndikufuna tikuyang'ane bwinobwino pa tebulo limodzi lokha.

Tiyambe ndi mmene tebulolo limabwerera kuchoka ku ofesi. Lili ndi mizere 9 ndi makolamu 5. Mzere woyamba ndi kabokosi kamodzi kotambalala kuchoka kumanzere mpaka kumanja, ndipo muli dzina la tebulo m'zilembo zikuluzikulu. Mzere wachiwiri umayamba ndi kabokosi kopanda kanthu, kenako "Fomu 1" atakhala pamwamba pa makolamu awiri, ndi "Fomu 2" pamwamba pa awiri enawo. Mzere wachitatu umati Tsiku, M'mawa, Masana, M'mawa, Masana. Kenako pamabwera masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu. Mzere womaliza ndi kabokosi kenanso kotambalala, kokhala ndi chidziwitso chakuti mayeso a m'mawa amayamba 8 koloko ndipo amene apakidwa chikasu alembedwera mu labu. Aliyense amene anagwirapo ntchito mu ofesi analionapo tebulo la mtundu umenewu. Silolakwika pa pepala. Munthu woona amaponya diso pa "Masamu", n'kuliyendetsa m'mwamba kuti aone kuti ndi Fomu 2 m'mawa, n'kuliyendetsanso kumanzere kuti aone kuti ndi Lolemba. Zonsezi zimachitika mwa kamphindi moti sazindikira n'komwe kuti wachita ntchito.

Munthu wogwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga zapasikirini alibe mwayi woponya diso. Pulogalamu ngati NVDA pa kompyuta, kapena TalkBack pa foni ya Android, kapena VoiceOver pa zipangizo za Apple, imamupatsa kabokosi kamodzi pa nthawi imodzi. Mu NVDA, imene ndi yaulere ndipo inayambidwa mu 2006 ndi Michael Curran, amene pambuyo pake anagwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona a ku Australia, munthu amadina T kuti adumphire pa tebulo lotsatira, kenako amayenda kabokosi ndi kabokosi pogwira Ctrl ndi Alt n'kumadina mivi. Tebulo likakhala lolembedwa bwino, akasunthira kumanja pulogalamuyo imamuuza mutu wa kolamu imene walowamo, ndipo akatsika imamuuza mutu wa mzere. Ntchito imene diso limachita lokha, pulogalamu imamuchitira. Koma imatha kutero pokhapokha ngati khodi yanena kuti timabokosi takutitakuti ndi mitu. Kuda kwa zilembo sikuiuza kanthu.

Apa ndi pamene kusandutsa kumawononga zinthu. Taonani zimene ndimapeza kawirikawiri ndikatsegula khodi ya mzere wachitatu uja.

```html
<tr>
  <td><b>Tsiku</b></td>
  <td><b>M'mawa</b></td>
  <td><b>Masana</b></td>
  <td><b>M'mawa</b></td>
  <td><b>Masana</b></td>
</tr>
```

Chizindikiro cha `td` chimatanthauza kabokosi wamba, ndipo `b` amangodetsa zilembo. Mutu weniweni umalembedwa ndi `th`. Choncho kwa pulogalamu yowerenga, tebulo lonseli lilibe mutu ngakhale umodzi. Wophunzira akafika pakati amangomva nambala ya mzere, nambala ya kolamu, ndi mawu akuti "Masamu". Kuti adziwe kuti Masamu amenewa ndi a kalasi iti ndiponso nthawi yanji, ayenera kukwera mizere iwiri, kumvera, n'kutsikanso, uku akusunga m'mutu kuti kolamu 4 ndi Fomu 2 m'mawa. Akafika Lachinayi zimakhala zitasokonekera. Zili ngati kulowa m'golosale mmene zitini zonse zachotsedwa mapepala: katundu alipo yense, koma kuti udziwe cha m'chitini chilichonse uyenera kukumbukira shelefu imene chinali.

Pali choipa china chimene ambiri sachidziwa. Kale anthu ankagwiritsa ntchito matebulo pongoyala zinthu pa tsamba, osati kusungamo manambala kapena ndondomeko, ndiye mabulawuza anaphunzira kungoganizira ngati tebulo ndi lenileni kapena longoyalira zinthu. Tebulo lopanda `th` ndiponso lopanda dzina likhoza kuganiziridwa kuti ndi longoyalira, ndipo zikatero NVDA salitchula n'komwe ngati tebulo. Munthu amadina T, pulogalamu n'kumuuza kuti palibe tebulo, pamene ine ndikuliona lili apo pa sikirini.

Ndisanagwire khodi, ndimayamba ndafunsa funso limodzi pa kabokosi kalikonse: kodi aka ndi ka tebulo, kapena kanangolowetsedwamo kuti kaoneke bwino? Mzere woyamba uja, wa dzina, si wa tebulo. Ndi dzina lake, ndipo uli ndi malo ake ena amene tifikeko. Ukausiya momwemo, pulogalamu yosandutsa imene imatenga mzere woyamba ngati mutu idzapanga dzinalo kukhala mutu wa makolamu onse asanu, ndipo wophunzira azidzamva "Ndondomeko ya mayeso otsekera teremu" mobwerezabwereza pamene amafuna kumva "Masana". Mzere womaliza, wa chidziwitso, nawonso si wa tebulo. Ndimautulutsa n'kuusandutsa ndime wamba, ndipo ndimauika pamwamba pa tebulo osati pansi, chifukwa munthu womvera ayenera kudziwa nthawi yoyambira asanalowe m'timabokosi, osati atatulukamo. Ndikachotsa mizere iwiriyi pamatsala 7.

Tsopano mitu iwiri yosanjikizana ija. Pano pali njira zingapo, ndipo ine ndili ndi imene ndimaikonda. HTML imalola mitu yosanjikizana. Ukhoza kulemba "Fomu 1" ngati `th` wokhala ndi `colspan="2"` ndi `scope="colgroup"`, n'kuika `colgroup` pamwamba kuti makolamu akhale m'magulu. Ukhozanso kupatsa mutu uliwonse `id` yake, kenako kabokosi kalikonse n'kukauza mitu yake kudzera mu `headers`. Zonsezi ndi zovomerezeka. Koma mapulogalamu owerenga sazimva mofanana, makamaka a pa foni, ndipo kwathu kuno foni ndiyo ili m'manja mwa anthu ambiri. Komanso njira ya `headers` imafuna kuti timabokosi 20 tonse tilembedwe pamanja, ndipo tsiku limene wina adzawonjezere kolamu zonse zidzafunika kuunikidwanso. Choncho ine ndimaphwasula kusanjikizanako. Mizere iwiri ija ndimaisandutsa umodzi, ndipo mutu uliwonse umanena zonse wokha.

```html
<thead>
  <tr>
    <th scope="col">Tsiku</th>
    <th scope="col">Fomu 1 m'mawa</th>
    <th scope="col">Fomu 1 masana</th>
    <th scope="col">Fomu 2 m'mawa</th>
    <th scope="col">Fomu 2 masana</th>
  </tr>
</thead>
```

Woona sataya kalikonse kupatula kukongola pang'ono kwa mutu wotambalala. Womvera amapindula zonse, chifukwa paliponse pamene waima amamva kalasi ndi nthawi limodzi. Mawu akuti `scope="col"` amauza pulogalamu kuti mutuwu ndi wa timabokosi tonse tapansi pake. Chenjerani ndi `thead`: amangosonkhanitsa mizere ya pamwamba, koma sasandutsa `td` kukhala mutu. Ndaonapo mafayilo osandutsidwa okhala ndi `thead` wabwinobwino koma m'kati mwake muli `td` yekhayekha, ndipo munthu wongoyang'ana mothamanga amaganiza kuti ntchito yatha.

Njira ina yabwino ndi kudula tebulo pawiri, la Fomu 1 palokha ndi la Fomu 2 palokha, lililonse makolamu atatu. Kwa wophunzira iyi ndiyo yopepuka kuposa zonse, popeza za kalasi ina sizimukhudza, ndipo tebulo la makolamu atatu limakwana pa foni popanda kukokera m'mbali. Ine ndinasiya limodzi chifukwa aphunzitsi oyang'anira mayeso amafuna kuona makalasi onse awiri mbali ndi mbali kuti adziwe amene ali mu labu nthawi yanji. Likanakhala la makalasi anayi, makolamu 9, ndikanalidula mosazengereza.

Mitu si ya pamwamba yokha. Mayina a masiku kumanzere nawonso ndi mitu, ndipo apa ndi pamene pafupifupi mapulogalamu onse osandutsa amalephera, chifukwa mafayilo ambiri oyambira alibe n'komwe njira yolembera zimenezi. Fayilo ya CSV siisiyanitsa mutu ndi china chilichonse. Tebulo wamba la Markdown limazindikira mzere woyamba wokha ngati mutu, ndipo za mitu ya kumanzere silidziwa. Ndiye izi umakonza ndi manja.

```html
<tr>
  <th scope="row">Lolemba</th>
  <td>Chichewa</td>
  <td>Zaulimi</td>
  <td>Masamu</td>
  <td>Mbiri</td>
</tr>
```

Wophunzira wa Fomu 2 tsopano akhoza kuima pa kolamu yake ya m'mawa n'kumangotsika. Amva Lolemba ndi Masamu, Lachiwiri ndi Chingerezi, Lachitatu ndi Chichewa, osafunikira kubwerera kumanzere kukafunsa tsiku. Masikuwo ndimawalemba athunthu. Anayi mwa asanu amayamba ndi "Lachi", ndiye kuwafupikitsa kumasiya timawu tofanana timene liwu la kompyuta limatitafuna mosamveka. Pamwamba pa tsamba ndimaikanso `lang="ny"`, chizindikiro cha Chichewa, kuti pulogalamu idziwe chilankhulo chimene ikuwerenga, ngakhale kuti katchulidwe kake kamadalira liwu limene munthuyo ali nalo pa chipangizo chake.

Mzere umene ndimauopa kwambiri ndi wa Lachisanu. Tsiku limeneli mayeso alipo m'mawa wokha: Fomu 1 ilemba Kemisitiri, Fomu 2 ilemba Fizikisi, ndipo timabokosi tiwiri ta masana tinasiyidwa topanda kanthu. Pa pepala aliyense amamva kuti masana kulibe mayeso. Koma tamverani mzerewo ukuwerengedwa motsatizana, timabokosi topanda kanthu tikudutsidwa mwakachetechete: Lachisanu, Kemisitiri, Fizikisi. Wophunzira wa Fomu 1 amene wazolowera kuti chachiwiri ndi m'mawa ndipo chachitatu ndi masana adzamva kuti ali ndi Fizikisi Lachisanu masana, pamene Fizikisi wake analemba kale Lachinayi. Ndipo zimatha kuipa kuposa apa. Tebulo likachokera mu PDF, pulogalamu yosandutsa imangoganizira makolamu poona pamene mawu akhala pa tsamba, ndiye nthawi zina kabokosi kopanda kanthu imangokataya. Fizikisi amasunthira kumanzere n'kukhaladi pansi pa "Fomu 1 masana". Apa mitu yathu yokonzedwa bwino ija imanena bodza momveka bwino, ndipo wophunzira wa Fomu 2 amauzidwa kuti Lachisanu alibe mayeso.

N'chifukwa chake ndikamaliza kusandutsa ndimawerenga timabokosi ta mzere uliwonse. Tebulo la makolamu 5 lopanda timabokosi tolumikiza liyenera kukhala ndi timabokosi 5 pa mzere uliwonse, osachepera, osapitirira. Mzere ukakhala ndi 3 ndiye kuti china chake chatayika ndipo zotsalazo zasuntha. Kenako ndimadzaza timabokosi topanda kanthu ndi mawu enieni. Pa Lachisanu masana ndimalemba "Palibe mayeso". Sindiika kamzere kopingasa, chifukwa mapulogalamu ambiri amadumpha zizindikiro zotere malinga ndi mmene mwini wake anawatcherera. Chimodzimodzi timikwingwirima tiwiri tija timene alembi amaika kutanthauza kuti ndi zofanana ndi za pamwamba: timafuna diso kuti timveke, ndiye ndimalembanso mawuwo. Kabokosi kopanda kanthu kakhoza kutanthauza kuti palibe, kapena sizinadziwike, kapena wolemba anaiwala, ndipo ndi amene analemba tebulo yekha amene angakuuze. Kufunsa ku ofesi ndi mbali ya ntchitoyi.

Za chikasu n'zachidule. Mtundu sumveka. Pamene panapakidwa chikasu ndimawonjezera mawu, "Fizikisi, mu labu", ndipo chikasucho chikhoza kutsala kwa amene amachiona. Malangizo a WCAG 2.0, okonzera masamba a pa intaneti kuti aliyense athe kuwagwiritsa ntchito, amene bungwe la W3C linatulutsa mu 2008, amanena zinthu ziwirizi pa mlingo wake woyambirira: pa 1.3.1 amati ubale umene ukuoneka ndi maso, monga wa mutu ndi kabokosi kake, uyenera kupezekanso mu khodi kapena m'mawu, ndipo pa 1.4.1 amati mtundu usakhale njira yokhayo yoperekera uthenga.

Tibwerere ku dzina lija tinalitulutsa mu mzere woyamba. Malo ake ndi `caption`, amene amabwera pompo tebulo likangotsegulidwa.

```html
<table>
  <caption>Mayeso a Fomu 1 ndi Fomu 2, teremu yachiwiri</caption>
```

Kufunika kwake kumaoneka pa tsamba lokhala ndi matebulo angapo. Munthu akamadina T kudumpha kuchoka pa tebulo ili kupita pa linalo, amamva kukula kwa tebulo ndi dzina lake, n'kudziwa pomwepo ngati alowemo kapena apitirire. Popanda dzina ayenera kulowa m'tebulo lililonse n'kulawa timabokosi tingapo kuti adziwe kuti ili ndi la fizi, ili ndi la mayeso. Dzina labwino limayankha funso lakuti muli chiyani muno, ndipo limasiyanitsa tebuloli ndi anzake. "Tebulo 1" silithandiza. "Tebulo losonyeza ndondomeko" ndi kutaya mpweya, chifukwa pulogalamu yanena kale kuti ndi tebulo. Ndimapewanso zilembo zikuluzikulu zokhazokha, popeza mawu ena afupiafupi olembedwa motero amatha kutchulidwa chilembo chimodzichimodzi ngati chidule.

Dzina ndi kufotokozera ndi zinthu ziwiri, ndipo anthu amazisakaniza. Kufotokozera kumanena mmene tebulo layalidwira ndi chimene munthu ayenera kudziwa asanalowemo. Kale kunkalembedwa mobisika mu `summary` pa `table`, koma HTML5, imene inakhazikitsidwa mu 2014, inaika `summary` m'gulu la zinthu zotha ntchito, ndipo simungadalire kuti pulogalamu iliyonse idzawerenga. Ine ndimangolemba ndime yooneka kwa aliyense pamwamba pa tebulo. Ya tebulo lathu imati: "Mzere uliwonse ndi tsiku limodzi, Lolemba mpaka Lachisanu. Kalasi iliyonse ili ndi makolamu awiri, a m'mawa ndi masana. Mayeso a m'mawa amayamba 8 koloko. Lachisanu masana palibe mayeso." Ziganizo zinayi basi. Choyamba ndi chachiwiri zikupereka chithunzi cha tebulo m'mutu, chachitatu ndi chidziwitso chija chinali pansi, ndipo chachinayi chikuchenjeza za malo okhawo amene tebulo likupatuka pa chizolowezi chake.

Kulakwitsa kumene ndimakuona mwa anthu a mtima wabwino ndi kulemba zambiri. Amafuna kuthandiza, ndiye amafotokoza tebulo lonse m'mawu, kabokosi ndi kabokosi, m'ndime yaitali. Mphunzitsi wathu wosaona uja anandiuzapo za zimenezi tikuyesa tsamba limodzi pa kompyuta yawo. Anati, "Achimwene, tebulo ndimatha kuliwerenga ndekha. Mungondiuza kuti ndi la chiyani ndiponso layalidwa bwanji, zinazo mundisiyire." Ndimagwirizana nawo kotheratu. Ndime yaitali imamukakamiza munthu kumvera zinthu 20 kuti apeze chimodzi, pamene tebulo lokonzedwa bwino limamulola kupita molunjika pa chimene akufuna. Palinso ngozi yakuti ndondomeko ikasintha, wina adzakonza tebulo n'kuiwala ndimeyo, ndiye osaona okha ndi amene adzatsale ndi zakale. Tebulo losavuta, la makolamu awiri kapena atatu okhala ndi mitu yomveka, silifuna n'komwe kufotokozera. Dzina limakwanira.

Mu Word muli malo olembera kufotokozera kwa tebulo, pa Table Properties kenako Alt Text, pamene pali Title ndi Description. Ndi bwino kudzazapo ngati fayiloyo izigawidwa ngati Word, koma musayembekezere kuti mawuwo adutsa pa kusandutsa. Ine ndimatsegula khodi n'kuona ngati afika, ndipo akasowa ndimalemba `caption` ndekha.

Nanga tebulo likabwera ngati chithunzi? Izi zimachitika kwambiri: wina wajambula pepala la pa bolodi ndi foni, kapena wasikana pepala n'kutumiza PDF imene m'kati mwake muli chithunzi chokha. Njira yodziwira ndi kuyesa kusankha mawu ndi mbewa ya kompyuta. Akakana kusankhika, kapena tsamba lonse likasankhika ngati chinthu chimodzi, ndiye kuti mulibe mawu, ndipo pulogalamu yowerenga ilibe chowerenga. Ena amaganiza kuti `alt`, mawu ofotokoza chithunzi amene amalembedwa mu khodi, athetsa vutoli. Koma `alt` amawerengedwa ngati chingwe chimodzi cha mawu, ndipo munthu sangayendemo ndi mivi monga m'tebulo. Timabokosi 20 ndi mitu yake 10 sizingakwanemo mwanzeru. Tebulolo liyenera kulembedwanso ngati tebulo lenileni. Chithunzicho chikafunika kutsala, mwina chifukwa chili ndi chidindo ndi siginecha ya ahedi, `alt` wake azingonena chimene chili: `alt="Chithunzi cha ndondomeko yosainidwa; zomwezo zili mu tebulo pansipa"`.

Kuyesa ndimakuchita pawiri. Choyamba ndi kuwerenga mitu. Mu bulawuza ndimatsegula zida za okonza masamba ndi F12, n'kulemba mzere uwu pa Console.

```js
document.querySelectorAll("table th").length
```

Pa tsamba lokhala ndi tebulo lathu lokhali yankho liyenera kukhala 10, mitu 5 ya pamwamba ndi 5 ya masiku. Likatuluka 0 ndiye kuti palibe mutu. Likatuluka 5 ndiye kuti masiku aiwalika. Likatuluka 30 ndiye kuti wina wasandutsa kabokosi kalikonse kukhala mutu, zimene zimasokoneza mofanana ndi kusakhala ndi mutu n'komwe.

Koma nambala siikuuza ngati zikumveka, ndiye chachiwiri ndi kumvera. Ndimatsegula NVDA, ndipo kwa amene sanazolowere liwu lake lothamanga pali Speech Viewer pansi pa Tools, kawindo kamene kamalemba zonse zimene pulogalamu ikunena. Ndimadina T n'kumvera ngati dzina latchulidwa ndiponso ngati yanena mizere 6 ndi makolamu 5. Kenako ndimapita dala pakati, pa kabokosi ka Fomu 1 ka Lachitatu m'mawa, n'kuyenda kumanja. Ndikufuna kumva "Fomu 1 masana" ndi Bayoloje, kenako "Fomu 2 m'mawa" ndi Chichewa. Ndikatsika ndikufuna kumva Lachinayi. Dziwani kuti NVDA imatchula mutu umene wasintha wokha, ndiye ukamayenda kumanja siibwereza tsiku, ndipo zimenezo si vuto. Vuto ndi pamene wasuntha n'kumva manambala okha popanda mutu, kapena kumva mutu wa kolamu ina. Pomaliza ndimatsika mpaka Lachisanu n'kuyenda mzere wonse, chifukwa ndi pamene zinthu zimasunthira.

Ndikatero ndimayesanso pa foni, popeza pali msampha wina kumeneko. Kuti tebulo likwane pa sikirini yaing'ono, okonza masamba ena amaika `display: block` pa mizere ndi timabokosi kuti zisanjikizane chotsika. Pa mabulawuza ena zimenezi zakhala zikuchititsa kuti tebulo lisiye kudziwika ngati tebulo, ndipo mitu yonse ija imangokhala mawu wamba. Ine ndimalisiya tebulo mmene lilili n'kulikulunga mu `div` wokhala ndi `overflow-x: auto` kuti lizikokeka m'mbali, ndi `tabindex="0"` kuti wogwiritsa ntchito kiyibodi yokha athe kulifikira n'kulisuntha.

Ntchito yonseyi imabwerera teremu iliyonse ngati fayilo yoyambira siisintha, ndiye ndinakhala pansi ndi alembi a ku ofesi n'kukonza tebulo la mu Word lomwelo kuti azingosinthamo maphunziro. Dzina lili kunja kwa tebulo. Palibe timabokosi tolumikiza. Mzere wa mitu ndi umodzi, ndipo pa Table Properties, pa Row, tinachonga Repeat as header row at the top of each page, chimene chimauza Word kuti mzerewo ndi mutu weniweni komanso chimaubwereza tebulo likadumphira pa tsamba lachiwiri. Pa Table Design tinachonga Header Row ndi First Column. Akafuna PDF amagwiritsa ntchito Save As n'kuonetsetsa kuti Document structure tags for accessibility ndi yochongedwa, m'malo mopanga PDF kudzera pa Print, njira imene kawirikawiri imasiya mawu opanda zizindikiro za tebulo. Zikachokera pa fayilo yotere, zotsala kwa ine zimakhala kuona `scope`, kusandutsa masiku kukhala `th`, ndi kulemba dzina.

Ndondomekoyi imayendanso pa WhatsApp, m'magulu a makolo ndi a makalasi, ndipo kumeneko kulibe `th` kapena `caption`. Chithunzi cha tebulo chikatumizidwa chokha, wophunzira wosaona amangouzidwa kuti kwabwera chithunzi. Choncho pamodzi ndi chithunzicho timatumiza uthenga wa mawu, kalasi iliyonse wake, mayeso aliwonse pa mzere wake, mzere uliwonse utanyamula mitu yake: "Fomu 2, Lolemba m'mawa: Masamu. Fomu 2, Lolemba masana: Mbiri." Uthenga wa kalasi imodzi umakhala wa mizere 10, ndipo mzere wa Lachisanu masana nawo umalembedwa kuti palibe mayeso.